Wofa Wopanda Wilo Wasiya Moto Pakhomo

Pali chikhulupiriro chofala m'mabanja mwathu chakuti Msilamu akamwalira, chuma chake chimagawidwa mwa Chisilamu ngakhale asanalembe kalikonse. Chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika, ndipo amene amavutika nacho ndi amayi amasiye ndi ana awo.

Tiyerekeze munthu wa ku Mangochi amene anakakhazikika pa boma la Chitipa kuchita malonda, nakwatira komweko. Wamwalira wopanda wilo, wasiya golosale, nyumba ndi ndalama kubanki. Wasiyanso mkazi, mayi ake omubereka, mwana wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri. Arubaini isanakwane, mawu atatu amveka pakhomopo. Oyandikana nawo, Alambya ndi Andali amene mwambo wawo ndi wolowola, adzati chuma n'cha kuchimuna. Abale ochokera kunyanja adzati kwathu olowa m'malo ndi adzukulu, ana a mlongo wake. Shehe adzati tigawe mirasi. Pamaso pa khoti, atatu onsewa alibe mphamvu.

Kale anali nayo ena mwa iwo. Lamulo la 1967 linkati m'maboma olowola ngati Chitipa, theka la chuma lipite kwa mkazi, ana ndi odalira malemu, theka lina kwa olowa m'malo mwa mwambo. M'madera a chikamwini mkazi ndi ana ankalandira magawo awiri okha mwa asanu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linathetsa zimenezo. Tsopano olandira ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi amene ankadalira malemu, monga kholo limene ankalisamala. Ziwiya za m'nyumba zimatsala ndi wamasiye. Ana aamuna ndi aakazi sasiyanitsidwa, obadwa kunja kwa ukwati amawerengedwa, ndipo wamng'ono angathe kulandira zoposa wamkulu. Wolanda chuma cha masiye angathe kulipitsidwa chindapusa ndi kukhala m'ndende zaka 10.

Lamuloli sitikulinyoza, pakuti latseka manja a alamu ambiri olanda. Koma si mirasi. Tiwerenge monga Sura An-Nisa, ndime 11 ndi 12, ikulamulira. Tichotse za maliro ndi ngongole zonse, kuphatikizapo mahari ngati sanamalizidwe, patsale K24,000,000. Mkazi alandira gawo limodzi mwa 8, K3,000,000, chifukwa pali ana. Mayi alandira limodzi mwa 6, K4,000,000. Pa K17,000,000 yotsala, mwana wamwamuna atenga K8,500,000, aakazi K4,250,000 aliyense. Achimwene a malemu ndi adzukulu salandira kanthu, pakuti mwana wamwamuna amawatsekereza. Onani kusiyana kwake: mayi amene mirasi yawapatsa K4,000,000, lamulo la boma lingawasiye chimanjamanja ngati sankadalira mwana wawoyo.

Ku Chitipa, kumene Asilamu ndi ochepa, pali mfundo ina yowawa. Ngati mkaziyo anakhalabe Mkhristu, maulama ambiri amati salandira mirasi, pamene boma limamuwerenga woyamba. Khomo lomusamalira mwa Chisilamu ndi wasiya, umene umalola munthu kupereka mpaka gawo limodzi mwa atatu kwa osalandira mirasi. Mwamuna amene sanalembe watseka khomolo yekha, nasiya mkazi wake pakati pa khoti ndi mzikiti.

Ena amati banja likhoza kugwirizana lokha kutsata mirasi. N'zoona, malinga onse ali akuluakulu ndipo avomera mwaufulu. Koma mmodzi yekha akakadandaula kwa bwanamkubwa wa boma kapena kukhoti, mgwirizanowo watha. Ndipo gawo la mwana wamng'ono palibe amene angalikhululuke m'malo mwake. Banki nayo sitsegula buku la malemu chifukwa cha mawu a shehe: imafuna zikalata zovomerezeka za woyendetsa chumacho.

Ena amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Ife amene timakhulupirira kuti tsiku la munthu lili m'manja mwa Allah, mawu otere tiwalankhule bwanji osachita manyazi?

Chofunika si chovuta. Munthu wa zaka 18 kapena kuposa, wamaganizo abwino, alembe chuma chake, ngongole zake, mayina a akazi ndi ana onse, ndi woyendetsa chumacho. Anene momveka kuti chigawidwe mwa mirasi, atafunsa shehe wodziwa kuwerengera kwake. Asayine pamaso pa mboni ziwiri zosalandira nawo kanthu, nazonso zisayine. Asamane wapabanja aliyense, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yokonza wilo yosiya mkazi kapena mwana pa umphawi.

Mashehe athu amatiphunzitsa kusambitsa maliro ndi kukulunga sanda. Tikupempha kuti pa khutuba ya Lachisanu aphunzitsenso kulemba wilo, ndipo mizikiti yathu isunge makope ake. Amene wakana kulemba wasankha kale kuti chuma chake chisagawidwe mwa mirasi.