Mtengo ndi pampu ya mvula

Malume atandiimbira foni kuti phiri lakwathu alimeta mpala chifukwa cha makala, ndinakumbukira nkhalango ya Amazon. Kumeneko mtengo umodzi waukulu umakoka madzi pansi ndi mizu yake, n'kuwatulutsa m'timabowo ta masamba ngati nthunzi, malita mazanamazana patsiku. Nthunziyo ikakwera imazizira n'kusanduka mitambo. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mvula yakumeneko limachokera m'nkhalango momwemo.

Mukadula mtengo, pampu yazima. Udzu ndi chimanga mizu yake njaifupi, chilimwe chikafika zimauma, madzi akuya osawafikira. Komatu musaloze chala munda umodzi wa malume, poti mphepo imabweretsanso chinyontho kuchokera kunyanja zikuluzikulu. Mvula imachepa dera lalikulu likametedwa.