ZA UMOYO M'BANJA: Moto Wosaoneka ndi Maso

Mwezi uno ndikamba nkhani ya kumphasa, choncho mundikhululukire.

Mayi wina wa kuno ku Rufunsa anadza ndi mwamuna wake kwa ine ndi mayi a kunyumba, banja lawo lili pafupi kutha. Kwa miyezi 8 mayiyo ankamva kutentha ngati tsabola kumaliseche, pakhomo pa njira yoberekera. Kukhala pa njinga kunali kozunza, ndipo kukhala malo amodzi ndi bambo kunali kosatheka. Kawiri konse analandira mankhwala a matenda opatsirana, koma sanachire. Popeza panalibe chilonda kapena chotupa, bambo anaganiza kuti mkazi wawo akungowakana, kapena ali ndi chibwenzi.

Matendawa alipo ndithu, ndipo madokotala amawatcha vuluvodiniya. M'chaka cha 2015 akatswiri anagwirizana tanthauzo lake: ululu wa kunja kwa maliseche a mayi umene watha miyezi 3 kapena kuposerapo, popanda chifukwa chodziwika chouyambitsa. Kawirikawiri timitsempha ta pakhungulo timamva kuwawa ngakhale pongokhudzidwa pang'ono. Si matenda opatsirana, ndiponso si khansa.

Nanga amawazindikira bwanji, poti palibe kupima magazi kumene kumawaonetsa? Dokotala amayamba wafufuza matenda ena onse. Amafunsa pamene ululu unayambira, ndiponso ngati umabwera wokha kapena pokhudzidwa. Amayang'ana khungu ngati lili ndi matuza, ming'alu kapena mawanga oyera. Amatenga timadzi ta m'njiramo kukapima kandida ndi tizilombo tina. Kwa ife amene timachapa ndi kusamba m'mitsinje, afunsenso za likodzo, pakuti nalonso limavulaza ziwalo za amayi.

Zonsezi zikapanda kupezeka, amatenga kamtengo ka thonje kunsonga. Amayamba kukhudza pantchafu, pamene sipawawa, kenaka mozungulira khomo lija, malo amodziamodzi monga manambala a pa wotchi. Pa malo alionse mayi amatchula kukula kwa ululu, kuyambira 0 mpaka 10. Mayi uja anati 0 pantchafu, koma thonje litafika kumunsi kwa khomo anati 8, misozi ili mbwee. Bambo atamva zimenezi anazyolika, napepesa.

Kuchira kwake n'kwapang'onopang'ono. Pali mankhwala opaka ochititsa dzanzi, mapiritsi oziziritsa mitsempha, ndi masewero omasula minofu ya m'chiuno. Sopo wonunkhira ndi zitsamba zoika m'njira zimangosonkhezera motowo.

Amayi, ngati mwamwa mankhwala kawiri osasintha, musangogulanso ena. Pitani kuchipatala, monga cha St. Luke's ku Mpanshya, mukanene miyezi imene mwavutika ndi mankhwala onse amene mwamwa, ndipo ngati nkofunika mukapemphe kalata yokaonana ndi dokotala wa amayi ku UTH ku Lusaka. Inu abambo, aperekezeni. Chosaoneka ndi maso sindiye kuti ndi bodza.