“Banki yandikaniza madola” si mawu opambanira mlandu

Pali bodza lina lomwe amalonda akunamizana m'tauni muno, ndipo ena mwa ife ophunzira zamalamulo timalithirira ndemanga m'malo molitsutsa. Akuti boma likaletsa katundu kulowa m'dziko, kapena banki ikakukaniza ndalama zakunja, ndiye kuti mgwirizano wako ndi wogulitsa wafa wokha, palibe amene angakusumire. Amene akukuuzani zimenezi akukuikani m'mavuto.

N'zoona kuti lamulo la kufa kwa mgwirizano lilipo. Tinalitengera ku Mangalande, ndipo makhothi athu amatsamirabe zigamulo zakumeneko. Koma khomo lake ndi lopapatiza. Woweruza safunsa ngati zinthu zakuvutani. Amafunsa ngati chimene munalonjeza chasanduka chosatheka kapena choletsedwa, popanda inu kulakwa, makamaka pamalo pomwe munati mudzachichitira. Mutu wa nkhani ndi malowo.

Taonani mlandu wa Universal Corporation ndi Five Ways Properties. Kampani ina inagwirizana zogula nyumba ku London n'kupereka chikole. Ndalama zotsalazo zinali zoti zichokere ku Nigeria, koma malamulo otulutsira ndalama kumeneko anasintha, ndipo sizinafike pa nthawi yake. Makhothi a ku Mangalande anati mgwirizano sunafe. Wogula analonjeza kulipira, sanalonjeze kuti adzalipira ndi ndalama za ku Nigeria. Kumene akazitenge ndi mutu wake. Chomwe chinatsala n'kupempha woweruza kuti mwina chikole chibwezedwe.

Mlandu wa Ralli Brothers wa 1920 unatha mosiyana. Sitima inanyamula katundu kuchokera ku Calcutta kupita ku Barcelona, ndipo theka la mtengo wonyamulira linayenera kulipidwa ku Barcelona komweko. Boma la Spain linakhazikitsa malire a mtengowo, moti kulipira kupitirira pamenepo kunali kuphwanya lamulo. Khothi linakana kukakamiza olipirawo kupereka ndalama zapamwambazo, chifukwa lamulo loletsalo linali la malo enieni olipirira.

Tsopano tibwere nazo kuno. M'mwezi wa Malichi 2025 boma linaletsa kuitanitsa katundu wina monga mpunga, ufa wa chimanga ndi zipatso. Tiyerekeze mayi wa ku Mzuzu yemwe anali atagwirizana kale ndi wogulitsa wa ku Mbeya pa matumba 400 a mpunga. Ngati pepala likuti wogulitsa adzatula mpungawo ku Mzuzu, chiletso chagwera pa lonjezo lenilenilo, ndipo mayiyo ali ndi poyambira kunena kuti mgwirizano wafa. Koma ngati likuti mayiyo adzaulandirira ku Mbeya n'kulipira komweko, palibe chaletsedwa. Mpunga ulipo, kuulandira ndi kololedwa, kulipira ndi kololedwa. Zoti sungawoloke pa Songwe ndi zake. Akakana kuutenga, wogulitsa n'kuugulitsa motchipa kwa wina, kusiyana kwa mtengoko adzalipira ndi mayiyo.

Za madola ndiye zimawawa kuposa apa. Kukhala pamzere ku banki miyezi itatu si chiletso, ndi kusowa chabe. Kukwera mtengo nakonso sikupha mgwirizano. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anali ndi ngongole ya madola 20,000 anagona akufunika K23.6 miliyoni, n'kudzuka akufunika K34 miliyoni. Kwa woweruza, munthuyo wangochita malonda oluza basi. Ndipo ngati munasaina chiletso chitalengezedwa kale, kapena simunapemphe n'komwe chilolezo chomwe chinalipo, musatayenso nthawi kutchula lamuloli.

Ena amati lamuloli ndi lankhanza, makhothi athu alifewetse poona mmene chuma chilili. Ine ndikukana. Tsiku lomwe kusowa kwa madola kudzakhale chifukwa chothawira ngongole, palibe wa ku Durban kapena ku Dar es Salaam adzapatsenso Mmalawi katundu asanalipiriretu, ndipo oyamba kufinyika adzakhala amalonda ang'onoang'ono omwe tikuti tikuwamvera chisoniwo. Mkwiyo wanga uli pa amene amalemba mapepalawa. Loya amakopera mgwirizano wolembedwa ndi wogulitsa wakunja, wodzaza ndi zivomezi, nkhondo ndi moto, koma wopanda liwu limodzi la vuto lomwe aliyense kuno amalidziwa. Zivomezi zingati zalepheretsa malonda chaka chino?

Ndime yofunikayo si yaitali. Inene kuti udindo wolipira udzayamba banki ikapereka ndalama zakunja, ndipo kuti wogula adzapempha ndalamazo pasanathe masiku akutiakuti, ndi umboni wake. Inene kuti pakadutsa masiku 60 kapena 90 osazipeza, kapena boma likaletsa katunduyo kulowa, aliyense angathe kutuluka mu mgwirizano ndipo chikole chidzabwezedwa. Wogulitsa akaikana ndimeyo, mwadziwiratu kuti chiletso chikabwera adzalipira ndinu, ndipo muwerengere zimenezo pa mtengo musanasaine.