Nkoloko ya pamkono siidziwa maloto anu

M'maminibasi a kuseni masiku ano muona anthu akupenda mkono, nkhope ili gwa, chifukwa nkoloko yawauza kuti sanagone bwino. Ife tikuti musanadandaule, dziwani chimene kachipangizoka kamayeza. Kamamva kugwedezeka kwa mkono, ndipo ndi kagetsi kobiriwira kapansi paja kamawerenga kugunda kwa mtima. Ubongo, kumene tulo timachitikira, sikaufika. Zotsalazo kamangoyerekeza chabe.

Titenge chitsanzo cha ku Mfuwe, m'boma la Mambwe, kumene mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40. Tinene kuti woperekeza alendo ku South Luangwa walowa m'neti 21:00, nadzuka 04:30 kukonzekera ulendo wa m'mawa wokaona nyama. Pabedi wakhalapo maola 7 ndi theka, nkoloko n'kumulembera maola 7 a tulo. Koma ola lathunthu anali maso, atangoti phee, thukuta lili kamukamu, akumvetsera mvuu. Poti mkono sunagwedezeke, nkoloko yati anali mtulo. Tulo take tenitenito ndi maola ngati 6. Vuto la zipangizozi ndi lomweli: munthu wogona chete koma ali maso zimamuyesa wakufa ndi tulo. Nanunso mukakhala duu pa mpando wakumbuyo mumsewu wa Great East magalimoto atapanikizana, nkoloko zina zingakulembereni kuti munawodzera.

Manje mukhulupirire chani? Nthawi yogonera ndi yodzukira, zimenezo imayesako bwino. Muziona za sabata yonse pamodzi, osati usiku umodzi. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Koma pamene palembedwa Deep sleep, kapena malikisi aja a Sleep score, musataye napo mtima. Kuchipatala magawo a tulo amawayeza ndi mawaya a pamutu, osati pamkono.

Choopsa n'chakuti malikisiwo angakulandeni tulo tomwe mukufunato. Mu 2017, Kelly Baron ndi anzake ku Amereka analemba za odwala amene ankavutika pofuna kukondweretsa nkoloko zawo, ndipo vutoli analitcha othosomuniya. Ena ankakhalitsa pabedi kuti manambala akwere, pamene kugubuduka pabedi uli maso ndiko kumakulitsa kusowa tulo. Mungazizindikire mosavuta: mwadzuka muli bwinobwino, koma mutaona 58 pa nkoloko thupi n'kulefuka, kapena pakati pa usiku mukuyatsa kuti muone maola otsala. Zikafika apo, ivuleni usiku kwa masabata awiri, muzidzuka nthawi imodzimodzi, ndipo muziona mmene thupi likumvera masana.

Koma ngati a kunyumba akuti mumaliza mkonono n'kumadukiza kupuma, kapena mumawodzera masana, makamaka inu ba dalaivala muli pa chiwongolero, pitani kuchipatala, olo nkoloko ikupatseni 90.