Pempho la Ophunzira a Chaka Chachitatu: Tiwonjezereni Masabata Awiri pa Pulojekiti

Kwa Aphunzitsi a phunziro la kupanga mapulogalamu a pakompyuta,

Aphunzitsi athu olemekezeka,

Ife ophunzira anu a chaka chachitatu tinakhala pansi monga kalasi, ndipo tagwirizana kuti tikulembereni. Tikupempha kuti tsiku loperekera pulojekiti ya m'magulu, lomwe ndi Lachisanu likudzali, mulisunthe ndi masabata awiri. Chifukwa chake ndi kuthimathima kwa magetsi. Tikudziwa kuti nanunso kunyumba kwanu mukugona mumdima womwewu, choncho sitikuuzani zachilendo. Chomwe tikufuna muone ndi momwe mdimawu ukuwonongera ntchito ya khodi, chifukwa sikuti ukungotidyera nthawi basi. Ukuphwanyanso zomwe tinamaliza kale.

Mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lino linataya mamegawati pafupifupi 130. Ambiri a ife sitikhala pasukulu. Timachita lendi ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku Bangwe, ndipo masabata apitawa magetsi akhala akuthima m'mawa n'kudzayaka usiku anthu atagona. Ndiye kuti nthawi yolemba khodi yasanduka ya pakati pa usiku mpaka mbandakucha, kenako kukacha tikhale m'kalasi maso ali psuu.

Mwina munganene kuti laputopu ili ndi batire. N'zoona, koma tiyeni tiwerengere limodzi. Batire ya laputopu wamba ikakhala yatsopano imasunga mphamvu yapakati pa mawati-ola 40 ndi 50. Ngati munthu akungowerenga manotsi, imatha kumufikitsa maola angapo. Koma akatsegula seva, detabesi, bulawuza ndi pulogalamu yolembera khodi nthawi imodzi, fani imayamba kulira ndipo mphamvu ija imatsika msanga. Tsono malaputopu ambiri m'kalasi muno ndi ogula kwa munthu, ndipo mabatire ake anatopa kalekale. Ena sakwanitsa ola lathunthu, ena amathima nthawi yomweyo mukangozula tchaja. Mapawabanki a foni omwe tili nawo satithandiza, pakuti amatulutsa mavoti 5 pomwe malaputopu athu ambiri amafuna mavoti 19 kapena kuyandikira pamenepo. Makompyuta a mulabu ndiye alibe batire n'komwe. Magetsi akangoti phethi, onse amathima pakamodzi, ndipo jenereta ikamadzayaka zomwe zinali pasikirini zapita.

Kuthima kwadzidzidzi kumeneku ndiko kwativulaza kwambiri. Tiloleni tifotokoze zomwe zinachitikira gulu limodzi, lomwe likupanga pulogalamu yowerengera mankhwala m'sitolo ya mankhwala pogwiritsa ntchito `PHP` ndi `MySQL`. Mmodzi wa iwo anali pakompyuta ya mulabu, atangomaliza gawo lochenjeza mwini sitolo mankhwala akatsala pang'ono kutha mphamvu. Analemba `git commit`, ndipo magetsi anathima asanachotse dzanja pakiyibodi. Atayakanso, lamulo lililonse la `git` linkabweza uthenga wonga uwu:

```
error: object file .git/objects/... is empty
fatal: loose object ... is corrupt
```

Chomwe chinachitika n'chakuti kompyuta sithamangira kulemba zonse padisiki nthawi yomweyo. Imayamba yasunga zina m'memole n'kumazitsitsa pang'onopang'ono. Magetsi atathima, dzina la fayilo linali litalembedwa kale padisiki koma zam'kati mwake zinali zisanafike, ndiye panatsala fayilo yopanda kanthu yomwe `git` ikuyembekeza kuti muli ntchito. Anzathuwa anayamba akopera foda yonse pafulashi kuti asawonjezere vuto, kenako anafufuza kukula kwa chiwonongekocho:

```
find .git/objects -type f -empty
git fsck --full
```

Njira yodalirika inali yotenganso pulojekiti yonse ku `GitHub` ndi `git clone`, n'kuikamo pamwamba mafayilo omwe anapulumuka. Koma zomwe zinali ku `GitHub` zinali zotsalira m'mbuyo, chifukwa masiku amenewo `git push` inkakanika. Magetsi akathima nthawi yaitali, mabatire a pansanja za netiweki nawonso amatha, ndipo intaneti imafooka kapena kusowa kumene, ngakhale munthu ali ndi bandulo. Khodi yambiri anaipeza, koma anayenera kuyerekeza fayilo ndi fayilo kuti adziwe chomwe chili chatsopano ndi chomwe chili chakale.

Vuto lalikulu linali kudetabesi. Atadina `Start` pa `XAMPP`, mzere wofiira unatuluka:

```
Error: MySQL shutdown unexpectedly.
```

Malangizo omwe amapezeka msanga munthu akafufuza uthengawu ndi akuti asinthe foda ya `data` ndi ya `backup`. Seva imayakadi, ndipo munthu amapuma poganiza kuti zatheka. Koma matebulo a `InnoDB` amadalira fayilo ya `ibdata1`, ndipo ikakhala kuti si ya detabesi yomweyo, mayina a matebulo amaoneka bwinobwino kumanzere koma mukawatsegula mumalandira nambala 1932 ndi mawu akuti `doesn't exist in engine`. N'zomwe zinawaonekera. Mapangidwe a matebulo anawabwezeretsa kuchokera mufayilo ya `.sql` yomwe anapereka kwa inu pa gawo loyamba la pulojekiti, koma mayina a mankhwala, mitengo ndi masiku othera mphamvu omwe analowetsa pamanja kuti ayesere pulogalamu anayambiranso. Popanda zimenezo gawo lochenjeza lija silingayesedwe, ndipo gawo losayesedwa sangalibweretse kwa inu ngati lomaliza.

Si magulu onse omwe anakumana ndi zazikulu chonchi, ndipo sitikufuna kukokomeza. Alipo awiri kapena atatu mwa ife omwe kwawo kuli sola, ndipo magawo awo anamaliza. Koma iyi ndi ntchito ya m'magulu. Wopanga masamba oonekera sangayese fomu yake ngati wa detabesi sanatumize zosintha zake, ndipo wa detabesiyo akudikira magetsi a dera lina lomwe limathima nthawi yosiyana ndi lake. Zimachitika kuti wina magetsi ayaka masana, mnzake usiku, ndipo tsiku lonse limatha osapeza ola limodzi loti onse ali pakompyuta. Kulumikiza magawo ndiko kwatsalira kwa pafupifupi gulu lililonse, ndipo inu mukudziwa kuti zolakwika zambiri zimaonekera pamenepo.

Palinso china chomwe munthu wosalemba khodi sachiona. Kusaka cholakwika m'pulogalamu kumafuna kuti munthu asunge m'mutu zinthu zingapo nthawi imodzi: fomu yatumiza chiyani, fankishoni yalandira chiyani, detabesi yabweza chiyani. Pamatenga kanthawi kuti zonsezi zikhazikike m'mutu. Batire ikathera pakati, mawa lake amayambiranso pachiyambi. Choncho mphindi 40 lero, 40 mawa ndi 40 mkuja sizifanana ndi maola awiri okhala pansi kamodzi. Chimodzimodzi kutsitsa zofunikira ndi `composer install` kapena `npm install`: netiweki ikaduka pakati, nthawi zambiri timabwereza, ndipo bandulo yomwe tinagula ndi ndalama ya ndiwo imapita pachabe.

Tayesetsa kudzithandiza. Ena akhala akugona kwa anzawo omwe ali pa laini yosathimathima, ena amalipira pamalo otchajira mafoni kuti laputopu ilowe moto pang'ono, ena amalemba ndondomeko ya khodi m'kope masana kuti magetsi akayaka angotayipa. Tagwirizananso kalasi yonse kuti aliyense azitulutsa kope la detabesi asanatseke kompyuta:

```
mysqldump -u root dzina_la_detabesi > kope.sql
```

Zimenezi zachepetsa kutayika kwa ntchito, koma sizibweza nthawi yomwe inapita kale.

Tsono zofuna zathu ndi izi. Chachikulu ndi masabata awiri aja, popanda kudula malikisi chifukwa chochedwa. Sitinangotchula nambalayi. Sabata yoyamba ndi yolumikiza magawo ndi kubwezeretsa zomwe zinawonongeka, yachiwiri ndi yoyesa pulogalamu ndi kulemba lipoti. Sabata imodzi yokha ikanakwana magetsi akanakhala odalirika, koma palibe chosonyeza kuti asintha m'masiku akudzawa.

Kuti musakayike kuti mwina tikubisala kumbuyo kwa mdima, tikupempha kuti Lachisanu lomweli likhalebe tsiku loonetsa pomwe tafika. Gulu lililonse lidzakupatsani linki ya `GitHub` ndi tsamba limodzi lonena zomwe zatha ndi zomwe zatsala. Mbiri ya ntchito mutha kuiona nokha:

```
git log --date=iso --pretty="%ad %an %s"
```

Mudzaona amene analemba, nthawi yomwe analemba, ndi mipata yomwe ikugwirizana ndi masiku omwe magetsi kunalibe. Tikudziwa kuti nthawi ya pa `commit` imachokera pawotchi ya kompyuta ndipo munthu atha kuisintha, n'chifukwa chake tikuvomera kuti mufunse aliyense wa ife mafunso pa khodi yomwe akuti ndi yake. Gulu lomwe lidzapezeke kuti silinayambe n'komwe, inu mudzaweruze monga mukuonera. Ife sitikuliimira.

Tikupemphanso kuti mutilankhulireko kwa akuluakulu a dipatimenti kuti labu izitsekedwa mochedwerapo madzulo ndiponso izitsegulidwa Loweruka m'masabata awiriwa. Tikudziwa kuti dizilo wa jenereta ndi wodula ndipo masiku ano akusowa, choncho sitikupempha kuti makompyuta onse aziyaka. Chipinda chimodzi chokhala ndi masoketi okwanira chingatikwanire, tizitchaja malaputopu ndi kukhala pamodzi monga magulu. Ngati n'kotheka, woyang'anira labu azitichenjeza mphindi zochepa jenereta isanazimitsidwe, kuti tizitseka detabesi bwinobwino.

Chotsiriza n'chaching'ono. Ngati pa tsiku latsopanolo netiweki idzakhale itagwa, mutilole kupereka ntchito pafulashi ku ofesi yanu, foda ya `.git` ili momwemo kuti mbiri yonse ioneke.

Tikuzindikira kuti kusuntha tsikuli kukupanikizani inuyo, chifukwa nthawi yochongera ichepa ndipo mayeso akuyandikira. Pofuna kuchepetsa katunduyo, magulu omwe amalize msanga adzapereka msanga osadikira tsiku lomaliza, ndipo tili okonzeka kudzaonetsa mapulogalamu athu pa nthawi iliyonse yomwe inu mungasankhe, ngakhale Loweruka. Ngati masabata awiri sangatheke malinga ndi kalendala ya sukulu, chonde tiitaneni tikambirane masiku omwe angatheke, kapena mutiuze magawo a pulojekiti omwe tingawasiye kuti otsalawo tiwachite bwino.

Tikupempha yankho lanu pofika Lachitatu, kuti magulu adziwe ngati athamangire kupereka zomwe zilipo kapena apitirize kulumikiza ndi kuyesa. Oimira kalasi ali okonzeka kubwera ku ofesi yanu nthawi iliyonse yomwe mungawaitane.

Ndife ophunzira anu,

Oimira kalasi ya chaka chachitatu, m'malo mwa magulu onse omwe asayina pa pepala lomwe taphatikiza ndi kalatayi.