Uthenga wa ajenti wa sikolashipu: muziwerenga muli ndi pensulo m'manja

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, pamatulukanso anthu ena amene saoneka nkhope. Amafika pa WhatsApp kapena pa Facebook, amadzitcha maajenti, ndipo amati ali ndi sikolashipu zokaphunzira kunja. Ana amene sanapeze malo m'mayunivesite aboma ndiwo amayamba kulandira mauthengawa, ndipo ambiri amabwera nawo kwa ife aphunzitsi kudzafunsa kuti, “Aphunzitsi, kodi izi nzoona?”

Maganizo anga ndi akuti funso limeneli n'losakwanira. Nthawi zambiri sukulu imene ikutchulidwayo ilipodi, ndege iliponso, ndipo kalata yovomera mwanayo ikhoza kukhala yeniyeni. Msampha umabisala m'zinthu ziwiri: ndalama zimene uthengawo sukutchula, ndi nthawi yochepa imene ukukupatsani kuti muganize. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi zimene zinachitikira anzathu. Chilumba cha Cyprus chinagawika pawiri mu 1974. Mbali yakumwera inalowa mu European Union mu 2004. Mbali yakumpoto inalengeza kuti ndi dziko palokha mu 1983, koma dziko limene limaivomereza ndi la Turkey lokha, ndipo ndege zopita kumeneko zimadzera ku Turkey. Kumpotoko kuli mayunivesite ambiri amene amadalira ophunzira ochokera kunja, ndipo amalipira maajenti pa wophunzira aliyense amene amubweretsa. Achinyamata ambiri a ku Nigeria, Zimbabwe ndi maiko ena a mu Africa anapita kumeneko atauzidwa kuti akupita ku Ulaya, apeza sikolashipu, ndipo ganyu ndi wosasowa. Atafika anapeza kuti sikolashipu ija inali kungotsitsa mtengo wa fizi, nyumba ndi chakudya n'zolipira okha, ganyu ndi wosowa. Mu Ogasiti 2020, mayi Abike Dabiri-Erewa, mkulu wa bungwe la boma la Nigeria loona za nzika zake zokhala kunja, anachita kuchenjeza makolo poyera kuti asatumize ana awo kumeneko.

Phunziro loyamba lili pomwepa. Ajenti ndi wamalonda. Sikuti aliyense ndi wakuba ayi, koma amadya pokhapokha mwana wanu akalembetsa. Uthenga wake tiziuwerenga monga momwe timamvera mavenda ogula soya akamatamanda sikelo yawo.

Tsopano tiyerekeze uthenga wofanana ndi umene ana athu amalandira. Manambala onsewa ndangoika kuti tiphunzirepo masamu ake. Ajenti walemba kuti: mwasankhidwa, mwapeza sikolashipu ya 75 peresenti, mudzangolipira madola 1,000 pachaka, malo atsala atatu okha, tumizani K150,000 yolembetsera lisanafike Lachisanu.

Tengani pensulo. Funso loyamba: 75 peresenti ya chiyani? Mauthengawa amabwera m'Chingerezi, ndipo mawu oti muwasake ndi “tuition”. Mawuwa amatanthauza fizi ya m'kalasi yokha, osaphatikizapo pogona kapena chakudya. Ngati fiziyo ndi madola 4,000, ndiye akuchotserani 3,000 ndipo mwatsala ndi 1,000. Mpaka apa ajenti sananame. Koma lembani pansi pake zimene sanatchule. Tinene kuti hositelo ndi madola 1,500 pachaka, chakudya madola 100 pamwezi kwa miyezi 10 ndiye 1,000, ndipo inshulansi yachipatala, chilolezo chokhalira m'dzikomo ndi ndalama yolembetsera pasukulu zonse pamodzi ndi 500. Chaka chimodzi chafika pa madola 4,000. Onjezanipo tikiti ya ndege ya madola 1,200, chaka choyamba chakwana madola 5,200.

Mu 2024 ndi 2025 mtengo wa dola kubanki unali pafupifupi K1,750. Pa mtengo umenewo madola 5,200 ndi K9,100,000. Digiri ya zaka zinayi ndi madola 17,200, kutanthauza K30,100,000, ndipo apa sitinawerengere pasipoti, viza kapena tikiti yobwerera. Uthenga uja unangoonetsa madola 1,000 ndi K150,000. Taonaninso kuti pa madola 7,000 amene chaka chikanadya popanda sikolashipu, akuchotserani 3,000 okha. Ija 75 peresenti yasanduka yosafika ndi theka lomwe.

Palinso china chimene ife a kuno tiyenera kukumbukira. Fiziyo ili m'madola, koma fodya, soya ndi mtedza wathu zimasanduka makwacha m'thumba. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kholo limene linawerengera bwino ndalama zake mu Okutobala linadzuka ngongole itakula popanda ajenti kusintha nambala ngakhale imodzi. Ndipo madola akasowa m'mabanki, anthu amathamangira kumsika wamseri kumene mtengo umakwera kwambiri kuposa pamenepa.

Mawu ena awiri oti muwazungulize ndi pensulo ndi awa. Oyamba ndi “up to 100%”. Tanthauzo lake n'lakuti kuchotserako kukhoza kufika pa 100, koma kukhozanso kukhala 25. Mpaka kalata yochokera kuyunivesite itatchula dzina la mwanayo ndi nambala yake yeniyeni, palibe chimene mwalonjezedwa. Achiwiri ndi “non-refundable”, kutanthauza kuti ndalamayo siibwezedwa. Funsani kuti viza ikakanidwa ndalama ziti zidzabwerera, ndipo yankho likhale lolembedwa. Funsaninso ngati kuchotserako n'kwa zaka zonse zinayi, kapena chaka choyamba chokha, kapena kumatha mwana akalephera kufika pa magiredi enaake.

Ndalama zobisika sizibwera tsiku limodzi. Zimabwera ngati makwerero. Lero yolembetsera, sabata yamawa yotsimikizira masatifiketi, kenako dipoziti yosungira malo, kenako yothamangitsira viza. Iliyonse imaoneka yaing'ono poyerekeza ndi zimene mwalipira kale, ndipo mtima umati, “Tikasiya pano ndiye kuti zonse zija zapita.” Apa ndi pamene mbuzi zimagulitsidwa, kenako ng'ombe, kenako ngongole ya kubanki m'khonde. Mankhwala ake ndi amodzi: musanatumize kwacha yoyamba, pemphani mndandanda umodzi wa ndalama zonse, kuyambira lero mpaka tsiku lomaliza maphunziro, wosonyeza wolandira ndalama iliyonse. Mukaulandira, lembani imelo kuyunivesiteyo nokha, pa adiresi imene mwaipeza pa tsamba lake, osati imene ajenti wakupatsani, ndipo mufunse ngati manambalawo ndi oona ndiponso ngati ajentiyo amamudziwa.

Onaninso kumene ndalama ikupita. Yunivesite ili ndi akaunti ya kubanki m'dzina lake ndipo imapereka lisiti. Ngati akukuuzani kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, yang'anani dzina limene likuoneka pa nambalayo. Likakhala la munthu wamba, makamaka losiyana ndi la amene mukulankhula naye, imani pomwepo. Chimodzimodzi kalata ya yunivesite yochokera pa adiresi yothera ndi gmail.com.

Tibwere ku nkhani yofulumizitsa. “Malo atsala atatu.” “Pofika Lachisanu.” “Pali mwana wina wa ku Lilongwe amene akufuna malo omwewa, koma ndakusungirani inu.” Mawu oterewa cholinga chake n'choti musapeze nthawi yochita masamu tachita pamwambapa. Ena amaonjeza kuti musauze anthu ambiri, angakuchitireni nsanje. Uyu ndiye wochenjera kwambiri, chifukwa akudziwa kuti kumudzi nkhani ya nsanje timaiopa, ndipo akugwiritsa ntchito manthawo kuti mwana asafike kwa amalume ake kapena kwa ahedi. Chizindikiro china n'chakuti mukafunsa za ndalama, iye amasiya kulemba n'kuyamba kuimba foni. Zolankhula pafoni zilibe umboni. Muuzeni mwaulemu kuti, “Bambo, tilembereni zimenezo kuti tikaonetse akuluakulu.”

Ena anena kuti, “Koma aphunzitsi, ngakhale sikolashipu zenizeni zili ndi tsiku lotsekera.” Zoona. Koma kusiyana kwake n'koonekeratu. Tengani Chevening ya boma la Britain. Masiku otsegulira ndi otsekera amalengezedwa poyera, pamakhala masabata ambiri pakati pake, tsikulo ndi limodzi kwa aliyense, ndipo kufunsira n'kwaulere. Chofunika pa tsikulo ndi fomu yanu, osati ndalama yanu. Komanso Chevening ndi ya digiri yachiwiri, imafuna munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba ndipo wagwirapo ntchito zaka ziwiri, choncho wouza mwana wa Fomu 4 kuti amupezera Chevening wadziulula yekha. Tsiku lotsekera la ajenti limangopezeka mufoni mwanu mokha, ndipo limasuntha. Lachisanu likadutsa osatumiza kanthu, Lolemba mudzamva kuti wakupemphererani masiku ena awiri. Malo atatu aja satha.

Chinanso, sikolashipu yeniyeni imasankha. Imafunsa mapointi, imafuna makalata a aphunzitsi, nthawi zina imayesa mafunso, ndipo ambiri imawakana. Ngati mwana “wasankhidwa” asanatumize n'komwe satifiketi yake, dziwani kuti chimene chasankhidwa ndi thumba la makolo ake.

Choncho ndikupempha kuti banja lililonse likhale ndi lamulo la masiku 7. Uthenga ukafika, palibe kutumiza ndalama, chithunzi cha chiphaso cha unzika kapena pasipoti mpaka sabata itatha. M'sabatayo pemphani mndandanda uja, lembani kuyunivesite, ndipo funsani ku National Council for Higher Education ku Lilongwe ngati pepala la sukuluyo lidzavomerezedwe mwana akadzabwerera kumudzi. Kulipira K30,100,000 kuti mudzalandire digiri imene boma silingakulembereni nayo ntchito ndi tsoka loposa kuberedwa K150,000. Ajenti woona saopa sabata imodzi. Amene akwiya kapena kuyamba kuopseza kuti mwayi ukupita, wakuyankhani kale funso lanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho limodzi. Tisamapereke maina ndi manambala a ophunzira athu kwa munthu aliyense wobwera ndi timapepala tokongola, ndipo tisamatumize mauthengawa m'magulu a makolo tisanawawerenge ndi pensulo. Uthenga ukadzera mwa mphunzitsi, kholo la ku Nachisaka limautenga ngati wadindidwa ndi sukulu. Bwanji teremu yomaliza ya Fomu 4 tisapatule phunziro limodzi la masamu, tilembe uthenga wotere pabolodi, ana apeze okha mtengo wa zaka zinayi? Ndi maperesenti omwewo amene MANEB imafunsa.

Ngati mwatumiza kale ndalama ndipo akufunanso ina imene sanaitchule poyamba, musaonjezere. Sungani mauthenga onse ndi manambala a malisiti, kadziwitseni kampani ya foni imene munatumizira, ndipo kanene kupolisi.