Imelo yofunsira ntchito yakunja ikwane pagalasi la foni

Ife anthu a kuno kwathu sitiyamba nkhani tisanapereke moni. Munthu akafika pakhomo amayamba wafunsa za ana, za agogo, za mvula ndi za kumunda, kenako ndiye amatula chomwe wabwerera. Kusukulu nakonso anatiphunzitsa kalata yofunsira ntchito yokhala ndi ma adiresi awiri, deti, mutu wodula mzere kunsi ndi ndime zinayi. Kalata yotere imagwirabe ntchito mukamaponya envulopu pa ofesi ina pa Mchinji boma. Koma mukamafunsira ntchito yogwira muli kwanu kuno, abwana ali ku London kapena ku Nairobi, kalata yomweyo ikhoza kukugwetsani musanalowe n'komwe m'bwalo.

Chifukwa chake nachi. Wolandira imelo yanu ali ndi mulu wa maimelo ena ochokera m'mayiko ambiri. Mchinji saidziwa, sukulu yomwe munaphunzira sanaimvepo, ndipo mwina akuwerenga pafoni ali pa basi. Akufuna mayankho a mafunso anayi okha: mukufuna ntchito iti, munachitapo chiyani chofanana nayo, mungagwire maola ati, ndipo mwatumiza mapepala anji. Imelo ikayankha zinayizi popanda iye kutsitsa chala pagalasi, yagwira ntchito yake. Zina zonse malo ake ndi mu sivii.

Ndikupatseni chitsanzo cha msuweni wanga wa ku Kamwendo. Anaona ntchito pa tsamba la kampani ina ya ku Britain yogulitsa katundu pa intaneti. Inkafuna munthu woyankha mafunso a makasitomala kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, nthawi ya ku London. Kampaniyo inapempha zinthu ziwiri basi: sivii ndi chitsanzo chimodzi cha zomwe munthu analembapo.

Atandionetsa zomwe anakonza, ndinapeza mawu oposa 400. Anayamba ndi kufunsa za moyo wa abwanawo, n'kufotokoza kuti ndi woyamba kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi, kuti makolo anagulitsa mtedza ndi soya kuti amulipirire fizi, ndiponso kuti akupempha modzichepetsa kuti amuganizire. Zonsezi n'zoona, ndipo n'zomwe zimachititsa kuti ntchitoyi ikhale nkhani ya banja lonse. Koma mzungu uja sakulemba munthu ntchito chifukwa cha chisoni. Kwa iye, kupempha kotere kumamveka ngati munthuyo akudzikayikira. Ulemu umene akuyembekeza ndi wosamutayitsa nthawi.

"Ndiye ndichotse zonsezi, achimwene?" anandifunsa motero, nkhope ili gwaa.

Tinachotsadi, ndipo zotsala zinali izi. Pomwe palembedwa Dzina ndi Mfunda, inu muikepo mayina anu awiri monga alili pa sivii.

```
Subject: Customer Support Agent (Remote) - Dzina Mfunda

Dear Hiring Team,

I am applying for the Customer Support Agent role on your careers page.
For two years I handled customer queries by phone and WhatsApp
for a farm inputs shop, about 30 a day in the planting season.
I am based in Malawi (UTC+2) and can work 09:00-17:00 London time.
I have a laptop, solar backup and two mobile networks.
Attached: my CV and one writing sample (PDF).

Kind regards,
Dzina Mfunda
+265 ...
```

Tiyambe ndi mutu. Muli dzina la ntchito monga analilembera eni ake, kenako dzina la wofunsira. Ngati pa chidziwitso cha ntchitocho anena kuti mulembe nambala inayake kapena mawu enaake pamutu, koperani ndendende, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Makampani ambiri amasankhula maimelo potengera mawu a pamutu, ndiye imelo yongolembedwa kuti `Application` kapena yopanda mutu imakagwera kwina. Komanso amakhala akukuyesani ngati mumatsatira malangizo.

Chiganizo chachiwiri ndiye mtima wa imelo yonse. Msuweni wangayu ankaona ngati kugulitsa feteleza ndi mbewu m'shopu si ntchito yoti n'kuitchula kwa anthu akunja. Chonsecho kwa zaka ziwiri ankayankha alimi okwiya kuti mbewu sinamere, ena ofuna kubweza katundu, ena ofunsa mitengo usiku. Imeneyo ndiyo ntchito yomwe kampani ija ikufuna. Anthu ambiri amalemba kuti ndi olimbikira, okhulupirika, oopa Mulungu. Mawu amenewo aliyense angalembe. Koma mukati zaka ziwiri, makasitomala pafupifupi 30 patsiku, mwapereka chinthu choti akufunseni pa intavyu. Nambalayo ikhale yoona, poti adzakufunsanidi.

Nkhani ya nthawi ndi yomwe ambiri amaiwala. Malawi ali pa `UTC+2` chaka chonse, mofanana ndi Zambia ndi South Africa, pomwe Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi. Ku Britain amasintha mawotchi kawiri pachaka. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, London imakhala m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, ndiye ntchito ija kuno ndi ya 10 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Miyezi yotsalayo kusiyana kumakhala maola awiri, ntchito n'kukhala ya 11 koloko mpaka 7 koloko usiku. Werengerani zimenezi musanalonjeze, makamaka ngati madzulo ndinu amene mumaphika kapena kukatenga ana. Mukalemba maola mu nthawi ya abwanawo, mwawachotsera ntchito yowerengera okha.

Za magetsi ndi netiweki, musadikire kuti akufunseni. Wolemba ntchito akaona dziko la mu Africa, funso limabwera lokha m'mutu mwake: kodi ameneyu azipezeka? Chiganizo chimodzi chikwanira, bola chikhale choona. Ngati mulibe sola, musalembe kuti muli nayo. Tchulani chomwe muli nacho. Nambala ya foni iyambe ndi `+265`, ziro woyamba uja mumuchotse, apo ayi wakunja sangakupezeni. Bokosi la ku positi ofesi, mudzi ndi mfumu yaikulu, zisiyeni.

Tsopano mapepala. Msuweni uja anali atamata mafayilo asanu ndi anayi: zithunzi za satifiketi ya MSCE, dipuloma, chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri, kalata ya abusa, ndi sivii yomwe dzina lake linali `CV final final 2.docx`. Zithunzizo zinali ndi mayina onga `IMG-20240312-WA0007.jpg`, omwe WhatsApp imapereka yokha. Taganizani wolandira uja atatsitsa mafayilo a anthu zana mu foda imodzi. Imelo yanu yatsala kwina, fayilo yatsala yokha. Ngati dzina lake silinena kuti ndi ya ndani ndipo muli chiyani, yasochera ngati mbuzi yopanda chizindikiro pa msika. Ife tinasiya awiri okha amene anapemphedwa:

```
Dzina_Mfunda_CV.pdf
Dzina_Mfunda_Writing_Sample.pdf
```

Dzina lanu litsogole kuti mafayilo anu aziima pamodzi akawasanja motsatira zilembo. Musaikemo mawu ngati `final` kapena `new`, chifukwa amenewo amakuthandizani inu nokha. Akhale a PDF pokhapokha ngati eni ake apempha mtundu wina, poti fayilo ya Word imatha kusokonekera mizere ikatsegulidwa pa kompyuta ina. Ndipo PDF yake ichokere pa zomwe munataipa, osati chithunzi cha pepala. Kuyesa kwake n'kosavuta: tsegulani fayiloyo, dinikizani chala pa liwu limodzi. Likasankhika, muli bwino. Likakana, ndiye kuti ndi chithunzi, ndipo makina ena osankhula ma sivii sangawerenge zomwe zilimo.

Kukula kwa fayilo nakonso n'kofunika. Gmail imalola mafayilo osapitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo akapitirira imawasandutsa linki ya Google Drive. Linkiyo ikakhala yotseka, wolandira amauzidwa kuti apemphe chilolezo, ndipo ndi ochepa amene angavutike kutero. Sivii ya masamba awiri yotaipidwa bwino kawirikawiri sifika ngakhale 1 MB, pomwe chithunzi chimodzi cha foni chimatha kudya ma MB angapo. Fayilo yaing'ono imapulumutsanso bandulo yanu.

Chiphaso cha unzika ndi pasipoti musatumize pa imelo yoyamba. Kampani yeniyeni imazifuna pambuyo, mukagwirizana za ntchito. Amene akufuna chiphaso chanu asanalankhule nanu, kapena akuti mutumize ndalama ya fomu kapena ya maphunziro, muthaweni, ndi wakuba ameneyo. Makolo, mwana akabwera kudzapempha ndalama yoti alipire kuti alembedwe ntchito yakunja, yambani mwafunsa bwino.

Chomaliza ndi kutumiza kwenikweniko, ndipo apa ife a m'malire tili ndi vuto lathulathu. Mukayandikira ku Mwami, foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Zambia osakuuzani. Bandulo ya kuno imaleka kugwira, inu n'kudina batani lotumizira, n'kuika foni m'thumba mtima uli m'malo. Chonsecho imelo yakhala mu `Outbox`, pambali pake palembedwa `Queued`, tsiku lotsekera n'kudutsa. Choncho mukatumiza, tsegulani `Sent` muone ngati ilimo pamodzi ndi mafayilo ake. Dikiraninso mphindi zingapo: kukabwera uthenga wochokera kwa `Mail Delivery Subsystem`, ndiye kuti imelo sinafike, ndipo kawirikawiri vuto limakhala chilembo cholakwika mu adiresi.

Ine ndimachita motere nthawi zonse. Ndimayamba kumata mafayilo, kenako kulemba uthenga, adiresi ya wolandira n'kuika pomalizira, kuti chala chikaterereka imelo isapite ili theka. Ndisanatumize kwa eni ake, ndimadzitumizira ndekha n'kuitsegula pa foni ya munthu wina m'nyumba. Ndimaona zinthu zitatu: kodi uthenga wonse ukukwana pagalasi, kodi mafayilo akutseguka, ndipo kodi dzina la wotumiza likuoneka lotani. Adiresi yomwe munatsegula muli fomu 2, ya dzina lachibwana lija, isiyireni anzanu. Tsegulani ina ya mayina anu awiri, n'yaulere.

Ndipo musadikire tsiku lotsekera. Ngati alemba deti mu manambala okhaokha, samalani: kwa a ku America `03/04` ndi 4 Malichi, pomwe kwa ife ndi a ku Britain ndi 3 Epulo. Tumizani kudakali masiku awiri kapena atatu, kuti magetsi kapena netiweki zikachita zake mukhale ndi mawa loyeseranso.